Nambala yofiira ya mu lipoti: kufufuza pamene tchipi ikuchedwera

Tchipi za FPGA zili ndi vuto lina lomwe silioneka ndi maso komanso silinunkha kupserera. Makina amayaka bwinobwino, timagetsi tonse tikuthwanima, masamu onse akutuluka olondola. Kenako tsiku lina masana kutatentha, yankho limodzi pa mayankho mamiliyoni limatuluka lolakwika. Mukazimitsa n'kuyatsanso, zonse zimabwerera m'chimake. Woipanga akabwerera ku zimene analemba sapezamo cholakwa, chifukwa masamu ake ndi oona. Chavuta n'chakuti yankho likufika mochedwa, ndipo kuchedwako n'kochepa kwambiri moti palibe wotchi ya pamkono imene ingakuyeze.

Nthawi zambiri vuto lotere limakhala litalembedwa kale, tchipi isanayatsidwe n'komwe. Pulogalamu yopangira ntchitoyi imatulutsa lipoti la nthawi, ndipo m'lipotimo mumakhala nambala yofiira yokhala ndi kachizindikiro kochotsera kutsogolo kwake. Ophunzira ambiri amaiona nambalayo, n'kuona kuti bodi ikugwira ntchito patebulo, n'kupitirira. Ena amaiopa, n'kuyamba kusintha chilichonse chimene dzanja lagwera. Onsewa amaphonya chinthu chimodzi: lipotilo silingonena kuti mwachedwa, limanenanso pamene nthawi yathera. Amene waphunzira kuliwerenga amadziwa mankhwala oyenera asanakhudze mzere ndi umodzi womwe.

Tiyambe ndi tchipiyo. FPGA ndi tchipi imene imachoka kufakitale isanapatsidwe ntchito. M'kati mwake muli tizigawo ting'onoting'ono tambirimbiri tochita masamu, timalo tosungira manambala, ndi mawaya ochuluka okhala ndi maswitchi. Injiniya amalemba m'chilankhulo chonga Verilog kapena VHDL mmene akufuna kuti tizigawoto tilumikizane, ndipo tchipi imasanduka makina amene iye wafuna. Kampani ya Xilinx ya ku America ndi imene inatulutsa yoyamba yogulitsidwa, XC2064, m'chaka cha 1985. Masiku ano tchipi zotere zimapezeka m'zipangizo za pa nsanja za mafoni, m'makina ojambulira m'thupi kuchipatala, ndi m'zida zoyendetsa intaneti. Xilinx inagulidwa ndi AMD mu 2022, ndipo pulogalamu yake yopangira ntchitoyi, Vivado, ndi imene titengeko lipoti lathu.

Chimene chimayendetsa zonse m'tchipimo ndi koloko, mphamvu ya magetsi imene imakwera ndi kutsika mosaphonya. Taganizirani anthu amene andanda pa ntchito yomanga, akupatsirana njerwa motsatira kuomba kwa m'manja. Akaomba, aliyense alandira njerwa kwa mnzake wa kumbuyo. Asanaombenso, njerwa imene wapereka iyenera kukhala itafika kale m'manja mwa wa kutsogolo, itakhazikika. Woomba akafulumira kwambiri, pamzerepo padzapezeka awiri otalikirana kuposa ena onse, ndipo pamenepo ndi pamene njerwa idzayambe kugwa. Ena onse akhoza kukhala ndi mpata wambiri, koma liwiro la mzere wonse limalamulidwa ndi awiriwo.

M'tchipi, ogwira njerwawo ndi mafilipifulopu, timalo tosunga biti imodzi, 0 kapena 1. Gulu la mafilipifulopu osunga nambala imodzi limatchedwa rejisita. Koloko ikagunda, filipifulopu imatulutsa chimene yasunga. Chizindikirocho chimadutsa m'mawaya ndi m'tizigawo ta masamu, n'kukafika pakhomo pa filipifulopu ina. Chiyenera kufika ndi kukhazikika kanthawi pang'ono koloko isanagundenso. Kanthawi kameneko ndi kamene mainjiniya amakatcha setapu. Chizindikiro chikafika mochedwa, filipifulopu yolandira imagwira nambala yakale, kapena nambala imene masamu ake ali pakati, ndipo nthawi zina imayamba yazengereza pakati pa 0 ndi 1 isanagwere mbali imodzi. Kumeneko ndiko kuphwanya setapu.

Nthawi zake n'zazing'ono zedi. Timaziyeza m'mananosekondi, ndipo nanosekondi imodzi ndi gawo limodzi la magawo biliyoni a sekondi. Kuwala, komwe kulibe choposa pa liwiro, kumayenda masentimita 30 okha pa nanosekondi. Koloko ya mamegahezi 100 imagunda ka 100 miliyoni pa sekondi, choncho pakati pa kugunda kuwiri pali mananosekondi 10. Mukaikweza kufika pa mamegahezi 200, mpatawo umatsika kufika pa 5.

Tsopano titenge chitsanzo chimodzi, tichitsate mpaka kumapeto. Manambala a m'lipoti lake ndawakonza kuti atithandize kuphunzira, koma kukula kwake n'kofanana ndi zimene zimaoneka pa tchipi ya mtundu umenewu. Wophunzira ali ndi bodi ya Basys 3, imene ili ndi tchipi ya Artix-7 ndi koloko ya mamegahezi 100. Wapanga kagawo kolandira manambala anayi a mabiti 16, kuwaphatikiza, n'kuona ngati onse pamodzi aposa malire ena ake. Analemba motere:

```verilog
always @(posedge clk)
    big <= ((a + b) + (c + d)) > limit;
```

Mzerewu ukunena kuti pa kugunda kulikonse kwa koloko, phatikiza `a` ndi `b`, phatikiza `c` ndi `d`, phatikiza mayankho awiriwo, yerekeza ndi `limit`, ndipo zotsatira usunge mu `big`. Tizigawo totere waika 8, kalikonse ndi manambala ake. Pa mamegahezi 100 zonse zinayenda bwino. Kenako anafuna kuti manambala azidutsa mowirikiza kawiri, ndiye anagwiritsa ntchito kagawo ka m'tchipi kotchedwa MMCM, kamene kamachulukitsa koloko, n'kuikweza kufika pa 200. Sanasinthe mzere uliwonse wa masamu. Simyuleshoni, komwe ndi kuyesa zolembazo pa kompyuta, inaonetsa mayankho olondola ngati kale, chifukwa simyuleshoni wamba imayesa masamu okha ndipo imatenga mawaya ngati osadya nthawi.

Vivado ikamaliza kuyala tizigawo ndi kulumikiza mawaya, mumaipempha lipoti ndi lamulo ili:

```tcl
report_timing_summary
```

Pamwamba pa lipoti pali manambala atatu oyenera kuyamba nawo. Loyamba ndi `WNS`, mpata wa njira yoipitsitsa kuposa zonse. Kwa wophunzira wathu ndi -1.375, kutanthauza kuti chizindikiro chochedwetsetsa chikufika mananosekondi 1.375 nthawi itadutsa. Lachiwiri ndi `TNS`, kuchedwa konse kwa malo olephera kukaphatikizidwa, ndipo pano ndi -9.200. Lachitatu ndi `Failing Endpoints`, chiwerengero cha malo olandira amene chizindikiro chikufikako mochedwa, omwe ndi 8.

Manambala atatuwa akawerengedwa pamodzi amanena kukula kwa matenda. Malo olephera 8 pa tchipi yokhala ndi tizigawo 8 tofanana ndi nkhani yabwino, chifukwa zikuonetsa kuti vuto ndi limodzi lobwerezedwa ka 8, ndipo likakonzedwa pamodzi lakonzedwa ponse. Malo olephera akanakhala 3,000 omwazikana m'tchipi yonse, nkhani ikanakhala ina: kamangidwe konse sikanakonzedwere liwiro limeneli, ndipo kuzigamba pamodzipamodzi kukanangodya masabata. Nambala ya `WNS` imakuuzaninso pafupifupi liwiro limene tchipi ingakwanitse mmene ilili. Njira yoipitsitsa ikufuna mananosekondi 5 kuwonjezerapo 1.375, onse pamodzi 6.375, zomwe ndi mamegahezi pafupifupi 157. Ngati ntchito yanu ingatheke pa 150, tsitsani koloko, vuto latha. Palibe manyazi pamenepo. Koma wophunzira wathu akufunadi 200.

Ndiye titsike m'lipoti, tikaone njira yoipitsitsayo payokha. Mutu wake umaoneka chonchi:

```
Slack (VIOLATED) :   -1.375ns
Source:              ch3/a_reg[2]/C
Destination:         ch3/big_reg/D
Requirement:         5.000ns
Data Path Delay:     6.190ns (logic 3.410ns (55.089%)
                              route 2.780ns (44.911%))
Logic Levels:        8 (CARRY4=5 LUT2=2 LUT4=1)
Clock Path Skew:     -0.050ns
Clock Uncertainty:   0.075ns
```

`Source` ndi `Destination` akunena pamene ulendo ukuyambira ndi pamene ukuthera: biti nambala 2 ya rejisita `a`, m'kagawo ka `ch3`, mpaka pakhomo pa `big`. Mayinawa ndi omwe wolemba anapereka yekha, ndipo n'chifukwa chake kupereka mayina omveka kumapindulitsa. Amene anatcha marejisita ake `x1`, `x2` ndi `tmp` amafika pano n'kusowa poyambira.

Mpata, womwe lipoti likuutcha `Slack`, umapezeka pochotsera basi. Tinapatsidwa mananosekondi 5.000. Koloko siifika pa mafilipifulopu onse nthawi imodzi ndendende, ndipo pano ikufika kwa wolandira msanga pang'ono kuposa kwa wotumiza, ndiye tichotse 0.050. Kugunda kwa koloko kumagwedera pang'ono, nthawi zina kufulumira, nthawi zina kuchedwa, ndipo pulogalamu yasungira zimenezi 0.075. Filipifulopu yolandira ikufuna setapu yake, imene yalembedwa kumunsi kwa lipoti, 0.060. Zatsala 4.815. Ulendo wa chizindikiro ukudya 6.190. Mukachotsa 6.190 pa 4.815 mupeza -1.375. Onani kuti zochotsera za koloko ndi setapu, zonse pamodzi, sizikufika ndi 0.2 yomwe. Nthawi yathera m'njira ya chizindikiro, ndipo maso athu apite kumeneko.

Koma musanathamangire kumeneko, yang'anani kaye mzere wa `Requirement`. Ine ndimauwerenga woyamba nthawi zonse, ngakhale `Slack` asanandilowe m'mutu, chifukwa umanena ngati funso lomwe pulogalamu ikuyankha ndi loyenera. Pano walemba 5.000, zogwirizana ndi koloko ya mamegahezi 200, ndiye palibe chodabwitsa. Tibwereranso ku mzerewu, chifukwa ukalemba zachilendo matenda amakhala ena.

Mzere wa `Data Path Delay` umagawa nthawi pawiri. `logic` ndi nthawi yothera m'kati mwa tizigawo ta masamu, ndipo `route` ndi yothera m'mawaya. Anthu ambiri amadabwa kumva kuti mawaya amadya nthawi chonchi, koma waya wa mu FPGA si chingwe chongoyalidwa. Amadutsa m'maswitchi angapo, ndipo switchi iliyonse imachedwetsa. Pa tchipi imeneyi, kudutsa mu LUT, kagawo kakang'ono kamene kamapereka yankho la mabiti ofika 6, kumadya mwina 0.124, pamene waya wopita ku LUT yotsatira akhoza kudya 0.5 kapena kuposa. Choncho kagawo kalikonse kowonjezera pa njira kamabwera ndi mtengo wawiri, wake ndi wa waya wake.

Apa ndi pamene `Logic Levels` amathandiza. Akunena kuti chizindikiro chikudutsa m'tizigawo 8 chisanapume. Tisanu ndi `CARRY4`, tizigawo tapadera tonyamula "chosunga" cha masamu ophatikiza, chija tinkasunga kusukulu tikaphatikiza 7 ndi 5 n'kulemba 2. Titatu ndi ma LUT. Kumunsi kwa lipoti kuli tebulo lotsata ulendowu phazi ndi phazi, ndipo mukalitsata ndi chala mumaona ndondomeko ikubwereza katatu: LUT kenako `CARRY4`, LUT kenako `CARRY4`, LUT kenako `CARRY4`. Kameneko ndi kuphatikiza koyamba, kuphatikiza kwachiwiri, ndi kuyerekeza. Mzere umodzi wa Verilog uja, wooneka waufupi, wasanduka ntchito zitatu zondondozana, iliyonse ikudikira inzake, zonse m'kugunda kumodzi kwa koloko. Pa mananosekondi 10 zinkakwana ndi mpata wotsala. Pa 5 sizingakwane, ngakhale pulogalamu itayala tizigawo mwaluso bwanji, chifukwa masamu okha adya kale 3.410, ndipo mawaya anayi kapena asanu sangakwane mu 1.4 yotsalayo.

Mankhwala ake ndi omwe kapitawo wa pa mzere wa njerwa uja angapereke: pamene awiri atalikirana, ikanipo munthu wina pakati. Mainjiniya amati kuika paipilaini. Timadula ulendo wautali ndi marejisita atsopano, kuti ntchito iliyonse ikhale ndi kugunda kwakekwake:

```verilog
always @(posedge clk) begin
    ab  <= a + b;
    cd  <= c + d;
    sum <= ab + cd;
    big <= sum > limit;
end
```

Tsopano pa kugunda koyamba tiphatikiza awiriawiri n'kusunga mu `ab` ndi `cd`. Pa kwachiwiri tiphatikiza zimenezo n'kusunga mu `sum`. Pa kwachitatu tiyerekeza. Ulendo uliwonse watsala ndi ntchito imodzi, yodya mananosekondi pafupifupi 3, ndipo mpata wabwerera kukhala wopanda kachizindikiro kochotsera. Chosangalatsa n'chakuti kuchuluka kwa ntchito sikunatsike. Pamene manambala oyamba ali pa siteji yachiwiri, ena alowa kale pa yoyamba, moti yankho latsopano likutulukabe pa kugunda kulikonse, ka 200 miliyoni pa sekondi. Chasintha n'chakuti yankho lililonse likutuluka mochedwerapo ndi kugunda kuwiri, mananosekondi 10. Mtengo wina ndi mafilipifulopu owonjezera, koma mu FPGA amenewa alipo ambiri, ali pafupi ndi LUT iliyonse, ndipo nthawi zambiri amangokhala osagwiritsidwa ntchito.

Pali misampha iwiri pamenepa, ndipo yonse lipoti la nthawi silingakuchenjezeni. Woyamba ndi kukula kwa marejisita atsopano. Manambala awiri a mabiti 16 akaphatikizidwa akhoza kufuna mabiti 17, ndipo anayi akhoza kufuna 18. Mukapatsa `ab` mabiti 16 okha, biti yapamwamba imatayika mwakachetechete, ndipo vuto limaoneka pokhapokha manambala akakula. Wachiwiri ndi woopsa kwambiri. Kawirikawiri manambala amayenda limodzi ndi kachizindikiro konena kuti "awa ndi enieni, alandireni", kamene ambiri amakatcha `valid`. Ngati yankho lachedwa ndi kugunda kuwiri, kachizindikiroko nakonso kayenera kudutsa m'mafilipifulopu awiri owonjezera. Mukaiwala, lipoti lidzakhala loyera, koma gawo lotsatira lidzalandira yankho la manambala ena n'kulitenga ngati la awa. N'chimodzimodzi ndi `limit` ngati amasintha pamodzi ndi manambalawo. Choncho mukasintha paipilaini, bwererani ku simyuleshoni musanakondwere.

Si njira iliyonse imene imadulika mosavuta chonchi. Ngati yankho la kugunda kuno likufunika pa kugunda kotsatira, monga nambala imene imadziwonjezera yokha nthawi zonse, simungangoika rejisita pakati, chifukwa masamu adzasokonekera. Pamenepo pamafunika kuganizanso kachitidwe ka masamuwo, mwina kuchotsa m'bwalomo chilichonse chimene chingawerengedwe pasadakhale, kuti mutsale chokhacho chosapeweka. Ndipo ngati pa njirayo pali kuchulukitsa, onani ngati lipoti likutchula `DSP48E1`, kagawo kapadera kochulukitsa manambala a mabiti 25 ndi 18. Kagawoka kali ndi marejisita ake m'kati, ndipo kamathamanga mokwanira pokhapokha marejisitawo akagwiritsidwa ntchito.

Wophunzira wathu wakonza, wayendetsanso pulogalamu, ndipo nambala yofiira yabweranso, yocheperapo. Izi n'zachizolowezi ndipo zisakufooketseni. Lipoti limaika patsogolo njira yoipitsitsa, ndipo ikachoka imene inali kumbuyo kwake imaonekera. Ulendo uno mutu wa lipoti ukunena zosiyana kotheratu: `Logic Levels` ndi 1 yekha, `logic` ndi 0.580, koma `route` ndi 4.600. Apa paipilaini ya masamu singathandize, chifukwa masamu palibe oti n'kudula. Nthawi yonse yathera m'waya. Mukatsika pa tebulo la phazi ndi phazi mupeza mzere wonga uwu:

```
net (fo=1800, routed)    3.900    enable
```

Mawu akuti `fo=1800` akutanthauza kuti waya mmodzi akudyetsa malo 1,800. Ndi kachizindikiro kouza mbali zonse za tchipi kuti ziyambe ntchito, kochokera pamalo amodzi n'kumwazikira kumakona onse. Malo olandirawo sangakhale onse pafupi ndi wotumiza, ndipo amene ali kutali kwambiri ndi amene akulephera. Mankhwala ake ndi kuchulukitsa wotumiza: m'malo mwa filipifulopu imodzi, mukhale zingapo zosunga chinthu chomwecho, iliyonse ikudyetsa dera lake. Mukhoza kulemba zimenezi nokha, kapena kuika chizindikiro cha `MAX_FANOUT` pa rejisitayo kuti pulogalamu ichulukitse, kapena kuyendetsa `phys_opt_design`, lamulo lomwe limachita zotere litaona kale pamene tizigawo takhala. Mukalemba nokha, samalani, chifukwa pulogalamu ikaona mafilipifulopu ofanana imakonda kuwaphatikizanso kukhala imodzi poganiza kuti ikukuthandizani, pokhapokha mutaiuza kuti iwasiye.

Waya akhoza kutalika ngakhale akudyetsa malo amodzi okha. Zimachitika ngati wotumiza wamangiriridwa ku phini la mbali ina ya tchipi pamene wolandira ali ku memore ya mbali inayo, kapena ngati tchipi yadzaza kwambiri moti mawaya achidule atha ndipo pulogalamu ikuzungulira. Vivado imatha kujambula njirayo pa chithunzi cha tchipi, ndipo kungoiona kamodzi kumakuuzani zambiri: mzere wodutsa kuchokera kona ina kufika kona ina ukufuna rejisita pakati pa ulendo, yongopumulirapo.

Tibwerere tsopano ku `Requirement`. Tiyerekeze kuti pa njira ina mzerewu walemba 1.000, pamene m'tchipi mwanu mulibe koloko yothamanga choncho. Mukayang'ana bwino mupeza kuti wotumiza akuyendera koloko ya mamegahezi 200 ndipo wolandira akuyendera ya 125, yomwe imagunda pa mananosekondi 8 alionse. Yoyamba imagunda pa 0, 5, 10, 15, ndipo yachiwiri pa 0, 8, 16. Pulogalamu yafufuza pamene kugunda kuwiri kwayandikana kwambiri, yapeza 15 ndi 16, n'kulamula kuti chizindikiro chidutse m'nanosekondi imodzi. Vivado imatenga makoloko onse ngati apachibale pokhapokha mutaiuza kuti si choncho. Apa kudula masamu kapena kuchulukitsa mafilipifulopu n'kutaya nthawi. Chofunika ndi mlatho woyenera pakati pa makoloko awiriwo: mafilipifulopu awiri ondondozana ngati chikuwoloka ndi biti imodzi, kapena memore ya mzere yotchedwa FIFO, yokhala ndi koloko mbali iliyonse, ngati ndi manambala athunthu. Mlatho ukamangidwa, ndi pamene mumauza pulogalamu kuti njirayo isaiyeze mwachizolowezi.

Kuuza pulogalamu kumeneku n'kumene kumandidetsa nkhawa kwambiri pa ntchito yonseyi. Pali lamulo lotchedwa `set_false_path`, lomwe limati njira iyi usaiwerengere. Lili ndi ntchito yake yoyenera, monga pa mlatho tangotchulawu. Koma munthu wotopa, tsiku lopereka ntchito litayandikira, amatha kuliika pa njira ya masamu ngati ija ya `a` ndi `big`. Nambala yofiira imazimiririka nthawi yomweyo. M'tchipi simunasinthe kanthu kabwino, ndipo zikhoza kuipiraipira, chifukwa pulogalamu tsopano ilibenso chifukwa choyesetsa kufupikitsa njirayo. Chimodzimodzi `set_multicycle_path`, lomwe limapatsa njira kugunda kuwiri kapena kuposa. N'loona pokhapokha ngati kamangidwe kanu kakutsimikiza kuti wolandira sagwira nambalayo pa kugunda koyamba. Funso loyenera kudzifunsa musanalembe lamulo lililonse mwa awiriwa ndi lakuti: chikuletsa n'chiyani, m'mawaya enieniwo, kuti kuchedwa kumeneku kusabweretse yankho lolakwika? Ngati simungaloze chinthucho ndi chala, lamulolo musalilembe.

Palinso lipoti loyera lomwe ndi labodza mwa njira ina. Pulogalamu siidziwa yokha liwiro la koloko yolowa pa phini, mumachita kuiuza:

```tcl
create_clock -period 10.000 [get_ports clk100]
```

Mukaiwala mzere umenewu, ilibe choyezera, ndipo palibe njira imene idzalephere chifukwa palibe imene yayezedwa. Gawo la lipoti lotchedwa `check_timing` limatchula marejisita opanda koloko ndi malo osayezedwa, ndipo ndi loyenera kuliona musanakhulupirire nambala ina iliyonse. Kumbukiraninso kuti lipoti lotuluka pulogalamu isanayale tizigawo limangoyerekeza kutalika kwa mawaya. Ndi lothandiza poona masamu ochuluka msanga, koma lomaliza, la pambuyo polumikiza mawaya, ndi limene lili ndi mawu otsiriza.

Nanga bwanji bodi imagwira ntchito patebulo lipoti likunena kuti yalephera? Chifukwa poyeza setapu pulogalamu imaganizira tsiku loipa: tchipi yochedwetsetsa mwa zonse zimene fakitale imalola kugulitsa pa dzina limenelo, magetsi atatsika kufika pa malire, kutentha kuli poipitsitsa. Tchipi ya pa Basys 3 ndi ya gulu lololedwa kugwira ntchito kuyambira madigiri 0 mpaka 85 m'kati mwake. Imene ili patebulo panu mwina ndi yachangu kuposa zinzake, ndipo chipinda n'chozizira. Komanso njira yoipitsitsa siigwira ntchito pa kugunda kulikonse. Chosunga chija chimayenda mtunda wonse pokhapokha manambala ena ake akakumana, moti mukhoza kuyesa tsiku lonse osachiona. Koma mukapanga mabodi 500, ena mwa iwo adzakhala ndi tchipi zochedwa, ndipo ena adzatsekeredwa m'bokosi lachitsulo padzuwa la Okutobala ku Nsanje. Amenewo ndi amene lipoti likuwanena.

Chinthu chimodzi choyenera kusiyanitsa: m'lipoti lomwelo muli nambala ina, `WHS`, yonena za vuto losiyana, pamene chizindikiro chatsopano chafika msanga kwambiri n'kufafaniza chakale wolandira asanamalize kuchigwira. Vuto limenelo silitha ndi kutsitsa koloko, ndipo m'kati mwa FPGA pulogalamu imalikonza yokha nthawi zambiri potalikitsa mawaya. La setapu ndi limene limamvera liwiro, n'chifukwa chake limabuka mukangokweza koloko.

Ikafika nthawi yoti `WNS` yatsala pa -0.050 kapena pafupi, njira zazikulu zonse zitakonzedwa, n'zololeka kupempha pulogalamu kuti iyesetse. Vivado ili ndi ndondomeko zosiyanasiyana zoyalira tizigawo, monga `Performance_Explore`, zimene zimatenga nthawi yaitali koma zimatha kupeza kachigawo ka nanosekondi kosowako. Kudalira zimenezi pa mpata wa -1.375 n'kosathandiza, ndipo ngakhale pa mpata waung'ono kupambana kwake n'kosakhalitsa, chifukwa mukasintha mzere umodzi mawa, tizigawo tidzayalidwa mwatsopano ndipo nambala yofiira ikhoza kubwerera. N'chifukwa chake ndi bwino kutsegula njira khumi kapena makumi awiri zoipitsitsa, osati imodzi yokha, ndi `report_timing -max_paths 20`, n'kuona ngati zikuchokera m'gawo limodzi. Ngati zikutero, gawolo likufuna kulembedwanso ndi siteji ina yowonjezera. Ngati zamwazikana ndipo iliyonse ili ndi tizigawo tiwiri kapena titatu tokha, mwayandikira malire a tchipiyo. Ya pa Basys 3 ili ndi chizindikiro cha -1 pa dzina lake, gulu lochedwerapo. Za -2 ndi -3 zimathamanga kwambiri koma n'zokwera mtengo, ndipo pa bodi yogula kale simungasinthe tchipi, choncho chotsala ndi kutsitsa koloko kufika pamene lipoti likuvomera, kapena kuika tizigawo tiwiri togwira ntchito limodzi pa mamegahezi 100, kalikonse kakutenga theka la manambala.